Ukagunditsa foni pa sipika, n'chiyani chimadutsa pamenepo?

Pamwamba pa sipika yanga pali kachizindikiro kooneka ngati chilembo cha N chopindika. Kwa miyezi yambiri ndinkangokapukuta fumbi, ndinkayesa kuti n'kokongoletsa basi. Tsiku lina achimwene anga atabwera kudzacheza, anatulutsa foni m'thumba, n'kuigoneka chagada pa kachizindikiroko. Foni inanjenjemera pang'ono, pa sikirini panabwera funso, iwo anadina kamodzi, nyimbo n'kuyamba kulira. Sanalowe mu `Settings`, sanadikire mndandanda wa zipangizo zija zokhala ndi mayina osamveka, sanandifunse kuti sipikayo dzina lake ndani.

"Achimwene, mwachita bwanji pamenepo?" ndinawafunsa.

"Iwe, sipika ndi yako koma suidziwa? Ndangogunditsa."

Atachoka ndinayesa ndi foni yanga. Zii. Ndinaitembenuza, ndinaikanikiza, ndinaipukuta kumsana ndi malaya, koma palibe chinachitika. Kukanika kumeneko ndi kumene kunandichititsa kuti ndifufuze, ndipo zimene ndinapeza zinali zosiyana ndi zimene ndinkaganiza. Ine ndinkayesa kuti foni ikakhudza sipika, nyimbo imatsanulidwira mkati ngati madzi ochoka mu botolo kulowa m'kapu. Sizili choncho. Pa kukhudzana kuja sipadutsa nyimbo ngakhale pang'ono. Pamadutsa kauthenga kakafupi kwambiri, konena kuti "ine ndine uje, ukandifuna undipeza pa adiresi iyi." Zina zonse zimachitikira pa Bluetooth, ngati kale. Munthu ukamvetsa zimenezi, mavuto ambiri a kugunditsa amayamba kudzifotokoza okha.

Njirayi dzina lake ndi NFC, ndipo ndi yomwe ija imagwira ntchito ukayandikiza khadi la ku banki pa makina olipirira. Pansi pa chizindikiro cha N pali kawaya kopyapyala kozungulizidwa kangapo, koyilo, kolumikizidwa ku katchipi kochepa ngati kamchenga. Kumsana kwa foni kulinso koyilo ina. Foni imapititsa magetsi osinthasintha mu koyilo yakeyo pa liwiro la mamegahetsi 13.56, ndipo zimenezi zimapanga mphamvu ya maginito yozungulira pamalopo. Koyilo ya sipika ikalowa m'kati mwa mphamvuyo, nayonso imayamba kuyenda magetsi, okwanira kudzutsa katchipi kaja. Ndiye kuti katchipiko sikafuna batire yakeyake. Kamadya za mlendo amene wabwera kudzakafunsa.

Chimene chinandisangalatsa kwambiri ndi momwe katchipiko kamayankhira. Kalibe mphamvu zoti kaulutse mawu akeake. Chimene kamachita n'kusinthasintha kuchuluka kwa magetsi amene kakukoka, kukoka kwambiri, kumasula, kukokanso, motsatira manambala amene kakufuna kunena. Foni imamva kulemera ndi kupepuka kumeneko pa koyilo yake, n'kuwerenga uthengawo. Zili ngati anthu awiri agwira chingwe chimodzi mumdima: mmodzi ndi amene wachikunga, winayo akungochigwedeza pang'onopang'ono, koma wokungayo akumva zonse m'manja mwake.

Apa ndi pomwe pachokera malire oyamba, a mtunda. Mphamvu ya maginito yamtunduwu simwazika kutali ngati mafunde a wailesi. Ukangotalikirako kupitirira kukula kwa koyiloyo, imatsika mofulumira zedi: ukawirikiza mtunda kawiri, yotsala imakhala pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 8. N'chifukwa chake NFC imagwira bwino pa masentimita 4 kapena kucheperapo, ndipo pa zipangizo zokhala ndi koyilo yaing'ono pamafunika kukhudzana ndithu. Ena amaona ngati chimenechi ndi chilema. Ine ndimaona kuti ndiye nzeru yake yonse. Bluetooth ikamasaka imaona sipika yako, ya mnansi wako, wailesi ya m'galimoto yoima panja, ndi mahedifoni a munthu wongodutsa pamsewu, kenako n'kukufunsa kuti mwa zonsezi ukufuna iti. NFC sifunsa zimenezo chifukwa dzanja lako layankha kale. Chimene wakhudza ndi chomwecho.

Ndibwerere ku foni yanga yokana ija. Vuto loyamba linali lochititsa manyazi: NFC inali yozimitsa. Pa mafoni a Android pali batani lake, nthawi zambiri pansi pa `Connected devices` kapena `Connections`, ndipo langa sindinaliyatsepo chigulireni foniyo. Nditayatsa, ndinagunditsanso. Ulendo uno foni inanjenjemera, koma sipika inangokhala chete. Ndinavutika kwa kanthawi mpaka ndinakumbukira kuti m'chikopa cha foniyo, kumsana kwenikweniko, ndimasungamo khadi la ku banki. Khadilo nalo lili ndi koyilo ndi katchipi kake, ndipo linali pafupi ndi foni kuposa sipika. Makoyilo awiri akapanikizana malo amodzi amalandana mphamvu n'kusokonezana, ndiye foni imatha kuwerenga cholakwika kapena kulephera zonse ziwiri. Nditachotsa khadi, funso lija linabwera nthawi yomweyo.

Panatsala chinthu chimodzi chimene ndinaphunzira pang'onopang'ono, ndicho malo a koyilo. Si kumsana konse kwa foni kumene kumamva ayi. Mafoni ena koyilo ili pakati, ena ili pafupi ndi kamera, ndipo pa iPhone ili kumutu kwenikweni. Yanga ili cha m'munsi mwa kamera. Ndikaika foni pakatikati pa chizindikiro, monga momwe maso amafunira kuti zioneke bwino, makoyilo aja amaphonyana. Njira yopezera malowo ndi yosavuta: tsegula loko ya foni, igoneke pa chizindikiro, uziikhwekhwereza pang'onopang'ono mpaka injenjemere. Ndanena zotsegula loko chifukwa foni ya Android siwerenga zinthu zoterezi sikirini ili yozima kapena yokhoma. Anachita dala, kuopa kuti foni ingamawerenge chilichonse chimene yakhudzana nacho ili m'thumba.

Zitayamba kuyenda ndikanatha kulekera pomwepo, koma mtima unafuna kuona chimene chalembedwa mu katchipi kaja. Pali mapulogalamu a foni owerenga tinthu timeneti, ndipo nditaika imodzi n'kugunditsa, inandionetsa zonse. Uthengawo umalembedwa mwa dongosolo lotchedwa NDEF, lomwe linakhazikitsidwa ndi bungwe la NFC Forum, limene makampani a Nokia, Philips ndi Sony anayambitsa mu 2004. Uthenga uliwonse umakhala ndi mutu wonena kuti m'katimu muli chiyani, kenako nkhani yake. Mutu wa uthenga wa sipika yanga unali uwu:

```
application/vnd.bluetooth.ep.oob
```

Foni ikaona mutu umenewu imadziwa kuti zotsatirazo si adiresi ya pa intaneti kapena nambala ya munthu, koma ndi zofunika kuperekedwa ku Bluetooth. Nkhani yakeyo ndi yaifupi modabwitsa. Pansipa ndasintha adiresi ndi dzina kuti zikhale zongoyerekeza, komanso ndachotsa tina ndi tina tosafunika kwenikweni, koma kaikidwe kake ndi komweko:

```
10 00
BC 9A 78 56 34 12
07 09 53 49 50 49 4B 41
```

Manambala awiri aliwonse ogundizana ndi baiti imodzi, malo okwana chilembo chimodzi. Mzere woyamba ukunena kutalika kwa uthenga wonse, ndipo `10` m'kawerengedwe ka makompyuta kameneka ndi 16, kutanthauza mabaiti 16. Mzere wachiwiri ndiwo mwini nkhani: adiresi ya Bluetooth ya sipikayo, mabaiti 6, olembedwa chobwerera m'mbuyo. Ukawawongola umapeza `12:34:56:78:9A:BC`. Mzere wachitatu ndi dzina. `07` akuti mabaiti 7 akutsatira, `09` akuti chimene chikubwerachi ndi dzina lathunthu la chipangizo, ndipo otsalawo ndi zilembo zolemba `SIPIKA`. Dzinalo ntchito yake ndi yoti foni ikhale ndi chokuonetsa pokufunsa kuti uvomereze. Opanga ena amawonjezamo mtundu wa chipangizo ndi ntchito zimene chimatha, koma chosasoweka ndi adiresi ija.

Nditawerenga zilembo za mutu uja ndinapeza 32. Ndiye kuti mutu ndi wautali kawiri kuposa nkhani yake, ngati envulopu yodzaza ndi zolemba kunja koma m'kati muli mzere umodzi. Zonse pamodzi sizifika mabaiti 60. Pa liwiro lotsikitsitsa la NFC, lomwe ndi makilobiti 106 pa sekondi, mabaiti amenewa amadutsa nthawi yoti diso silinaphethire n'komwe. Masekondi awiri kapena atatu amene umadikira nyimbo isanayambe si a NFC ayi, ndi a Bluetooth ikuchita zake.

Zochita zakezo zimayenda motere. Foni ikalandira adiresi, imayang'ana ngati Bluetooth yake ndi yoyaka, ndipo ngati ndi yozima imaiyatsa yokha. Kenako imaona ngati adiresiyo ikuidziwa kale. Ngati ndi yachilendo, imakufunsa ngati ukufuna kulumikiza, ukavomera imaitana sipikayo mwachindunji osasakanso, ndipo ziwirizi zimapangana kiyi wachinsinsi amene aliyense amasunga kwake. Kumeneku ndiye kudziwana, kumene pa sikirini amalemba `Pair`, ndipo kumachitika kamodzi. Ngati adiresiyo ndi yodziwika kale, foni imangolumikiza. Ngati ziwirizi ndi zolumikizana kale pa nthawiyo, pa mafoni ambiri kugunditsa kumadula kulumikizanako. Mfundo yomalizayi inandipusitsa kangapo. Ndinkagunditsa, n'kuona ngati zachedwa, n'kunyamula foni n'kugunditsanso, osadziwa kuti kachiwiriko ndikumasula chimene koyambako kanamanga.

Madzulo ena zinakananso mwa mtundu wina, ndipo apa ndi pomwe kudziwa za kauthenga kaja kunandithandiza. Ndinagunditsa, foni inanjenjemera, inalemba dzina la sipika bwinobwino, inati ikulumikiza, kenako inati zakanika. Kale ndikanayamba kupukuta chizindikiro cha N kapena kuvula chikopa cha foni. Koma ngati dzina laoneka pa sikirini, ndiye kuti NFC yamaliza ntchito yake yonse, ilibenso mlandu. Vuto lili kutsogolo, ku Bluetooth. Nditamvetsera ndinamva kuti achimwene ali pakhonde, akudandaula kuti foni yawo yasiya kutulutsa mawu. Sipika itayaka inali itadzilumikiza yokha ku foni yawo, poti inkaikumbukira, ndipo yanga ndi ya mtundu wolandira foni imodzi pa nthawi.

"Achimwene, tazimitsani Bluetooth yanu kaye."

"Ine sindinaigwire sipika yakoyo!"

"Ndikudziwa, yakutsatirani yokha."

Atazimitsa, ndinagunditsa kamodzi n'kutheka. Pali masipika ena amene ukagunditsa foni yachiwiri amataya yoyamba n'kulandira yatsopanoyo, koma izi zimatengera amene anaipanga, si lamulo la NFC.

Kuyambira tsiku limenelo ndimagawa vuto pawiri ndisanachite china chilichonse. Foni ikapanda kunjenjemera kapena kulira, nkhani ili pa kukhudzana: NFC yozima, loko yokhoma, makoyilo ophonyana, chikopa chokhuthala kapena chachitsulo, khadi lobisala kumsana. Ikanjenjemera n'kuonetsa dzina koma osalumikiza, nkhani ili pa Bluetooth: sipika yazima, ili ndi foni ina, kapena yaiwala kiyi uja pamene foni ikumusungabe. Chomalizachi chimachitika sipika ikabwezeretsedwa mmene inalili pogula, kapena ikadziwana ndi mafoni ambiri mpaka akale kufufutika. Foni imabwera ndi kiyi wakale, sipika n'kukana kuti sindikukudziwa. Pamenepo ungagunditse kakhumi, sizithandiza. Umayenera kulowa pa mndandanda wa Bluetooth, kusankha sipikayo, kudina `Forget` kapena `Unpair`, n'kuyambiranso.

Ndiye ndinachita kachinthu kena kongofuna kudzitsimikizira. Ndinapeza timasitika ta NFC topanda kanthu, toyera, tozungulira, tokhala ndi katchipi kotchedwa NTAG213. Katchipi kameneka kali ndi malo a mabaiti 144 olembamo. Ndi pulogalamu yomwe ija ndinalemba pa sitika imodzi uthenga wofanana ndi wa sipika, mutu womwewo ndi adiresi yomweyo, n'kuimata pa thabwa la chitseko, kutali ndi sipikayo. Nditagunditsa foni pa chitsekocho, sipika inalira kuseri kwa chipinda. Foni sinazindikire n'komwe kuti chimene yakhudza si sipika. Inapatsidwa adiresi, inapita pa adiresiyo.

Kusiyana kunaoneka tsiku lina sipika ili yozima. Chizindikiro chake chenicheni chija ndikachigunditsa, sipika imadzuka yokha, chifukwa katchipi ka m'katimo n'kolumikizidwa ndi waya ku zamagetsi zina za sipikayo, ndipo kakamva mphamvu ya foni kamazidzutsa. Sitika ya pa chitseko ilibe waya wotero. Inapereka adiresi mokhulupirika, foni inaitana, koma kunalibe woyankha. Si sipika iliyonse imadzuka chonchi, zina zimafuna uziyatse kaye ndi dzanja.

Sitika yachiwiri ndinaimata pa chitseko cha firiji, ndipo inafera pomwepo. Nditaimatula n'kuigwira m'manja inayambanso kuwerengeka. Chitsulo chikakhala kuseri kwa koyilo, mphamvu ya maginito ija imayambitsa timagetsi tozungulira m'chitsulomo, ndipo timagetsi timeneti timalimbana ndi mphamvu yomwe yatibala. Katchipi kamatsala ndi njala, osadzuka. Pali masitika opangidwira pa chitsulo, okhuthalako pang'ono, okhala ndi kansalu ka feraiti kumsana kotchinga koyilo ku chitsulocho. Sipika yokhala ndi thupi lachitsulo nayo imakhala ndi kamalo ka pulasitiki kapena labala pomwe pali chizindikiro cha N, pa chifukwa chomwechi.

Kuyesa kwa pa chitseko kuja kunandiululiranso china chosakoma kwenikweni. Ngati ine ndinatha kukopera uthenga wa sipika ndi foni wamba, ndiye kuti mulibe chinsinsi chilichonse m'menemo. Malamulo a Bluetooth amalola kuti manambala otsimikizira chitetezo adutsire pa NFC, kuti munthu wachitatu asalowerere pakati pa zipangizo ziwiri zikudziwana. Koma manambala amenewo amayenera kukhala atsopano ulendo uliwonse, ndipo katchipi kongolembedwa kamodzi ku fakitale sikangathe zimenezo. Ndiye pa sipika ngati yanga, kudziwana kwa pa kugunditsa n'kofanana ndi kudziwana wamba kopanda nambala yachinsinsi. N'kosavuta, koma sikuposa kwinako pa chitetezo. Pa sipika yoimba nyimbo pabalaza sindidandaula nazo. Ndimangokana mawu akuti "chifukwa n'zapafupi ndiye n'zotetezeka," poti kufupika kumangokuthandiza kusankha chipangizo cholondola.

Nanga zogawana tinthu ting'onoting'ono? Apa ndi pomwe mabaiti 144 aja amakuphunzitsa kusunga mawu. Adiresi ya pa intaneti imakwana bwino, ndipo dongosolo la NDEF limakuthandizanso: mawu oyambira ofala ngati `https://` salembedwa onse, amaimiridwa ndi baiti imodzi. Nambala ya foni imakwana. Dzina la Wi-Fi ndi pasiwedi yake zimakwana ngati sizitali mopitirira. Koma kakhadi ka munthu kokhala ndi dzina, nambala ziwiri, imelo, dzina la ntchito ndi adiresi ya ofesi kamasefukira msanga, chifukwa kalembedwe kake kali ndi mawu ake ambiri ozungulira nkhaniyo. Pamenepo umafuna NTAG215, ya mabaiti 504, kapena NTAG216, ya mabaiti 888. Chithunzi sichilowa mu iliyonse mwa zimenezi. N'chifukwa chake makadi ambiri amakono odzidziwitsira amene anthu amagunditsa pa foni yako sasunga dzina la mwini wake m'katimo ayi. Amasunga adiresi ya tsamba la pa intaneti pomwe pali zonsezo. Popanda intaneti, kapena tsambalo likadzatsekedwa, khadilo limasanduka pulasitiki chabe.

Sitika ya Wi-Fi ndinaiyesa, ndipo alendo a mafoni a Android inawathandizadi: kugunditsa, kuvomera, kulowa, popanda kuwerengerana zilembo zazikulu ndi zazing'ono. Koma pasiwediyo imakhala yolembedwa poyera m'katimo. Aliyense wokhala ndi pulogalamu yowerengera amaiona yonse monga ndinaonera adiresi ya sipika. Komanso sitika yosakhoma, wina aliyense atha kuifufuta n'kulembapo zake, mwachitsanzo adiresi ya tsamba lachinyengo. Ukhoza kuikhoma kuti isalembedwenso, koma loko imeneyo sibwerera, ndiye tsiku losintha pasiwedi ndi tsiku lotaya sitika. Kukhomako kumaletsa kulemba kokha, sikubisa zolembedwazo. Ineyo sitika ya pamalo poyera, yomwe sindikudziwa anaimata ndani, ndikaigunditsa ndimawerenga kaye adiresi imene foni yaonetsa ndisanaitsegule.

Anthu amene anagwiritsa ntchito mafoni a Android zaka zapitazo akumbukira Android Beam, imene inabwera ndi Android 4.0 mu 2011. Munkagundanitsa misana ya mafoni awiri, chithunzi cha pa sikirini n'kuchepa ngati chikulowa m'kati, iwe n'kuchidina, chinthucho n'kuonekera pa foni ya mnzako. Adiresi ya tsamba kapena nambala ya munthu zinkadutsadi pa NFC penipeni. Koma zithunzi ndi mavidiyo ayi. Tiyeni tiwerengere. Liwiro lapamwamba la NFC ya mafoni ndi makilobiti 424 pa sekondi, omwe ndi pafupifupi makilobaiti 53. Chithunzi chimodzi cha mamegabaiti 3 chikanatenga pafupifupi mphindi yathunthu, mafoni ali chigundanirane osasuntha, ndipo apo ndi pongowerengera papepala zonse zikuyenda bwino. Palibe angapirire zimenezo pa zithunzi khumi. Ndiye Android Beam inkachita zomwe sipika yanga imachita: NFC idziwitse mafoni awiriwo, katundu adutse pa Bluetooth. Samsung inali ndi yake, S Beam, imene inkapereka katunduyo ku Wi-Fi Direct, yothamanga kwambiri.

Google inasiya Android Beam pofika Android 10 mu 2019, ndipo m'malo mwake munabwera Nearby Share mu 2020, yomwe pano ikutchedwa Quick Share. Iyi imapeza mafoni apafupi kudzera pa Bluetooth osafuna kuti agundane. Ndiye ukagundanitsa misana ya mafoni awiri atsopano n'kuona kuti chithunzi sichikudutsa monga kale, foni sinawonongeke. Ndimaisowabe njira yakale ija pa chifukwa chimodzi: sinkandifunsa kuti ndisankhe dzina pa mndandanda. Munthu amene ndikufuna kumupatsa anali amene waima patsogolo panga.

Mlamu wanga ali ndi iPhone, ndipo atamva kuti sipika imalumikizidwa pogunditsa anayesa, osatheka. "Alamu, sipika yanuyi ndi yatsankho," anatero. Sipika inalibe mlandu, foni yawonso inali yabwinobwino. Mafoni a iPhone ali ndi NFC kuyambira pa iPhone 6 ya 2014, koma poyamba inali yolipirira basi. Kuwerenga masitika kudzera mu pulogalamu kunabwera mu 2017, ndipo kuyambira pa iPhone XS ndi XR za 2018 foni imatha kuwerenga yokha popanda kutsegula pulogalamu. Koma chimene imachitapo kanthu ikawerenga yokha chonchi ndi maadiresi, monga a tsamba la pa intaneti kapena nambala yoimba. Uthenga wa mutu wa Bluetooth uja imangoudutsa, chimodzimodzinso wa Wi-Fi. Kauthenga kamafika, koma wolandira sakachitira kanthu. Iwo analumikiza kudzera pa mndandanda wa Bluetooth monga mwa nthawi zonse, nyimbo n'kumveka chimodzimodzi.

Mawu akuti chimodzimodzi ndawanena dala, chifukwa ndinamvapo munthu akunena kuti sipika yolumikizidwa pogunditsa imamveka bwino kuposa yolumikizidwa pamanja. Sizingatheke. Foni ikangochoka pa chizindikiro chija, NFC yatuluka m'nkhani. Nyimbo ikuyenda pa mafunde a Bluetooth a magigahetsi 2.4, mtunda wake ndi womwe uja wa mamita 10 kapena kuposerapo pang'ono popanda zotchinga, ndipo ikamadukaduka ukalowa chipinda china, wolakwa ndi khoma. Kusiya foni itagona pa chizindikiro cha N sikuwonjezera kanthu.

Ndaona kuti masipika ndi mahedifoni ambiri atsopano sakubweranso ndi chizindikiro chimenechi. Sindidabwa. Anthu a iPhone sankachigwiritsa ntchito, ambiri a Android anali ngati ine, ongochipukuta fumbi, ndipo pano pali njira zina monga Fast Pair ya Google, yomwe inayamba mu 2017, pomwe chipangizo chimadzilengeza pa Bluetooth, foni yapafupi n'kuonetsa kachithunzi kake yokha. Kwa munthu wa foni imodzi ndi sipika imodzi, kugunditsa kumangopulumutsa masekondi ochepa pa tsiku loyamba, poti masiku otsatira ziwirizi zimapezana zokha. Phindu lake lenileni limaoneka pa sipika ya anthu ambiri, yomwe lero ikuimba za uyu, mawa za uyo.

Kwathu ndi momwemo, ndiye sitika ya pa chitseko ija ikadalipo, yayamba kuda m'mbali chifukwa cha zala. Achimwene akabwera amagunditsa pomwepo asanakhale n'komwe pansi, ndipo ngati foni yanga ndi imene ili pa sipika, amaima pakhomo n'kukuwa kuti ndizimitse Bluetooth yanga.